Mafunso ndi mayankho: bwanji pulogalamu ikana kutchula dzina la munthu wa pachithunzi?

Kwa ophunzira a kalasi yathu yamadzulo ya foni ndi kompyuta. Loweruka tinaweruka mkangano usanathe. Bambo Chimwaza anadandaula kuti kamera ya m'golosale mwawo inajambula mnyamata akusolola katoni ya mabatire, koma mapulogalamu a AI a masiku ano, amene amatha kufotokoza chipewa ndi malaya a munthu, amakana kunena kuti nkhopeyo ndi ya yani. Ena munagwirizana nawo, ena ayi. Ndasonkhanitsa mafunso anu ndi kuwayankha pano. Maganizo anga sindikubisani: pulogalamu yokana ikuchita bwino.

Kodi imakana chifukwa siingathe?

Luso lake lilipo, ndipo ndi lakale ndithu. Kompyuta imayeza nkhope n'kuisandutsa mndandanda wa manambala, kenako imafunafuna manambala ofanana nawo pakati pa zithunzi zina zimene zili ndi mayina. Mu 2011 Eric Schmidt, mkulu wa kampani ya Google, ananena poyera kuti iwo anapanga luso lozindikira nkhope koma anasankha kusalitulutsa. Kukana kumene mukuona ndi chisankho cha anthu amene anapanga pulogalamuyo.

Ine cholinga changa ndi chabwino. Ndikanizidwe chifukwa chiyani?

Mayi Nambewe, funso lanu ili ndiye mtima wa nkhani yonse. Ine ndikukudziwani, ndipo ndikukhulupirira. Pulogalamu siikudziwani. Chimene imaona ndi chithunzi ndi mawu amene mwalemba, basi. Mawu omwewo, akuti mukufuna kubweza chikwama chimene munthu anagwetsa m'minibasi, angalembedwe ndi inu, angalembedwenso ndi mwamuna amene mkazi wake anathawa nkhanza n'kukayamba moyo wina ku tauni ina. Angalembedwe ndi wakatapila, ndi mnyamata amene wajambula mtsikana mobisa pa ukwati, ndi munthu amene akusaka mboni ya mlandu wake. Palibe aliyense wa iwo amene adzalembe kuti akufuna kuvulaza munthu.

Kumudzi mlendo akafika n'kufunsa kuti mayi uja akukhala nyumba iti, munthu wanzeru sangoloza chala. Amafunsa kaye: mwachokera kuti, ndinu ndani wawo? Amamuyang'ana m'maso, mwina n'kutuma mwana kuti akanong'oneze mwini wakeyo. Pulogalamu ilibe maso otero, ilibe mwana womutuma. Ndipo mwini nkhope, amene nkhaniyo ikumukhudza kuposa wina aliyense, palibepo kuti anene eya kapena ayi. Pa zokambirana za anthu awiri zokhudza wachitatu, wina ayenera kumuimirira wachitatuyo.

Koma munthuyo anali pamsika, aliyense amamuona. Chinsinsi chili pati?

Kuonedwa ndi kudziwidwa ndi zinthu ziwiri. Mukamayenda mu Limbe anthu mazanamazana amaona nkhope yanu, koma sadziwa dzina lanu, kumene mumagwira ntchito, kapena sukulu imene ana anu amapita. Dzina ndiye kiyi. Munthu akalipeza amatsegula nalo zonse: tsamba lanu la Facebook, achibale, mpingo, malo amene mumakhala.

Izi zinayesedwa. Mu 2016 ku Russia kunatuluka FindFace, pulogalamu yofananitsa nkhope ndi zithunzi za pa VKontakte, tsamba la kumeneko longa Facebook. Wojambula wina, Egor Tsvetkov, anajambula anthu osawadziwa m'sitima zapansi pa nthaka ku Saint Petersburg ndipo anapeza masamba a ambiri mwa iwo. Chaka chomwecho gulu la anthu pa intaneti linagwiritsa ntchito FindFace kusaka mayina enieni a akazi amene ankaoneka m'mafilimu olaula, n'kumatumiza uthenga kwa achibale awo. Mu 2024 ophunzira awiri a pa yunivesite ya Harvard ku America analumikiza magalasi a kamera a Meta, kampani ya eni Facebook, ndi PimEyes, tsamba lofufuzira nkhope pa intaneti, n'kuonetsa kuti munthu wongodutsana naye panjira angathe kupezedwa dzina ndi adiresi pa kanthawi kochepa. Iwo sanaitulutse pulogalamu yawoyo. Ankafuna kuti anthu aone kuopsa kwake.

Taganizirani amene ali pamzere wolandira mankhwala kuchipatala, amene ali pa zionetsero, amene akutuluka kupolisi kumene anakadandaula za mwamuna wake. Onsewa ali pagulu.

Makina amalakwitsanso ngati?

Amalakwitsa, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti ambiri amalakwitsa kwambiri pa nkhope zonga zathuzi. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu atatu a makampani akuluakulu pa ntchito yongonena ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Pa amuna akhungu loyera zolakwa sizinapitirire 0.8 peresenti. Pa akazi akhungu lakuda zinafika 34.7 peresenti. Mu Disembala 2019 bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, litayesa mapulogalamu 189, linapeza kuti ambiri ankasokoneza anthu awiri osiyana kambirimbiri pa nkhope za anthu a ku Africa ndi ku Asia, mwina ka 10 mpaka ka 100 kuyerekeza ndi nkhope za azungu.

Manambala amenewa ali ndi eni ake. Mu Januwale 2020 apolisi a mumzinda wa Detroit ku America anamanga Robert Williams pakhomo pake, mkazi wake ndi ana ake awiri aakazi akuona. Mlandu unali woba mawotchi m'sitolo. Kompyuta inafananitsa chithunzi chosaoneka bwino cha kamera ya m'sitolomo ndi chithunzi cha pa laisensi yake yoyendetsera galimoto. Anakhala m'chitokosi maola pafupifupi 30, chonsecho wakubayo sanali iye. Mu Febuluwale 2023 mumzinda womwewo anamanga Porcha Woodruff pa mlandu wolanda galimoto, kompyuta itamusokonezanso ndi munthu wina, ali ndi pakati pa miyezi 8. Mlanduwo unathetsedwa.

Awatu ndi apolisi, amene ali ndi makhoti ndi maloya owaunika. Nanga dzina likaperekedwa kwa munthu wamba amene mtima wake ukuwawa?

Ndiye ine amene ndaberedwa ndingokhala? Wakubayo ndiye wotetezedwa?

Bambo Chimwaza, kuberedwa kumapweteka, ndipo katoni ya mabatire ndi mpamba wanu. Koma tiyeni tiitsatire nkhaniyi mpaka kumapeto. Tinene kuti pulogalamu yakupatsani dzina. Mwakwiya, mwaika chithunzi ndi dzinalo pa gulu la WhatsApp la amalonda. Pofika madzulo chafika m'magulu khumi. Tonse tikudziwa zimene zimachitika kwathu kuno anthu akakuwa kuti wakuba pamsika: miyala, zibonga, nthawi zina petulo. Ngati dzinalo linali la mwana wa eni wongofanana naye mphuno, mudzabweza bwanji? Madzi akatayika saoleka. Ndipo ngakhale dzinalo litakhala loona, katoni ya mabatire siilipiridwa ndi moyo wa munthu.

Kukana kwa pulogalamu kwakutayitsani zochepa. Kanema muli naye. Musamudule kapena kumukongoletsa, sungani ndi tsiku ndi nthawi yake, kaperekeni kupolisi ndipo dziwitsani akomiti ya msika. Kumeneko woganiziridwa amafunsidwa ndipo amayankha.

Nanga makinawo akadzafika posalakwitsa n'komwe?

Yankho langa silisintha. Akalakwitsa, amavutika ndi wosalakwa. Akalondola, amavutika ndi mayi uja anathawa nkhanza, chifukwa wapezeka. Nambala ya foni mukhoza kusintha, mukhoza kusamuka, koma nkhope mumapita nayo kulikonse.

Foni yanga imatseguka ikaona nkhope yanga. Kusiyana kwake n'kotani?

Munavomera nokha, ndipo foni ikungoyankha funso limodzi: kodi uyu ndi mwini wake? Siikufufuza pakati pa anthu mamiliyoni amene sanafunsidwe.

Anthu otchuka, monga apulezidenti ndi oimba, nawonso abisidwe?

Apa opanga mapulogalamu amasiyana. Ena amatchula anthu odziwika, ena satchula aliyense pongoona nkhope. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi, chifukwa malire a kutchuka ndi ovuta kuwajambula. Mphunzitsi amene kanema wake wafala sabata imodzi ndi wotchuka? Mwana wa nduna? Komanso kuti pulogalamu idziwe ngati munthu ndi wotchuka, iyenera kuyamba yamufufuza nkhope. Zimasiyana dzina likakhala kuti lalembedwa pansi pa chithunzi, pa chikwangwani cha patebulo kapena kumsana kwa jezi. Pamenepo pulogalamu ikungowerenga zimene aliyense angawerenge.

Poti ena amachita kale, kukana kwa mmodzi kuthandiza chiyani?

Amachitadi. Mu Januwale 2020 mtolankhani Kashmir Hill anaulula m'nyuzipepala ya New York Times kuti kampani ya Clearview AI inakolola zithunzi zopitirira 3 biliyoni pa intaneti popanda kupempha eni ake. Koma onani zimene zinatsatira. Mu 2022 Italy, Greece ndi France analipitsa kampaniyo chindapusa cha mayuro 20 miliyoni dziko lililonse. Mu Novembala 2021 Facebook inalengeza kuti ikutseka pulogalamu yake yozindikira nkhope ndi kufufuta miyezo ya nkhope za anthu opitirira 1 biliyoni, italipira kale madola 650 miliyoni pa mlandu wokhudza nkhope zomwezi m'dera la Illinois ku America. Lamulo la AI la mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya, la mu 2024, limaletsa kukolola nkhope mwachisawawa pa intaneti kapena pa makamera pofuna kupanga nkhokwe zozindikirira anthu.

Palinso china. Zoipa zambiri zimachitika chifukwa njira yake inali yapafupi pa nthawi ya mkwiyo kapena chilakolako. Chida chimene chili m'foni ya aliyense chikakana, ambiri amalekera pomwepo, mtima n'kuzizira.

Kwathu kuno lamulo likuti chiyani?

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi. Mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza mbiri ya anthu yosungidwa ndi ena, ndipo bungwe la MACRA ndilo limaliyang'anira. Inu amene muli ndi makamera m'mashopu, kumbukirani kuti mukusunga nkhope za makasitomala anu onse, osati za akuba okha.

Ndili ndi chithunzi chakale cha ukwati wa makolo anga. Ndikufuna kudziwa amene anaima kumbuyo. Palibe chondithandiza?

Achemwali Tadala, thandizo lilipo. Pulogalamu ikhoza kuwerenga zolembedwa kuseri kwa chithunzi ngakhale inki itafufutika pang'ono, kufotokoza zovala ndi nyumba, kuyerekeza zaka zimene chinajambulidwa, ndi kukukonzerani mndandanda wa mayina amene inu mwaiuza. Mayina a amene simukuwadziwa ali ndi azakhali anu ndi akuluakulu a mpingo umene ukwatiwo unadalitsidwa. Pitani nacho akadali moyo, ndipo mutenge cholembera.

Chimodzimodzi mwana wosochera kapena munthu wodwala amene sakutha kunena dzina lake: mutengereni kupolisi, kwa amfumu, kuchipatala kapena kwa a zachisamaliro cha anthu, amene angaonetsetse kuti wobwera kudzamutengayo ndi mbale wake weniweni.

Loweruka likubwerali tidzaphunzira kuphimba nkhope pa chithunzi tisanachitumize pa gulu. Aliyense abwere ndi foni yotchaja ndi chithunzi chimodzi cha anthu ambiri, cha pa ukwati kapena pa chinkhoswe, choti tiyeserepo.

Mphunzitsi wanu,
Mayi Naphiri