Lowani, mpando ndi uwo

Lowani, achemwali, lowani. Ndakuonani mwadutsa pakhomopa kawiri konse, ndiye ndati ndikuitaneni ndekha musanabwerere. Mabuku ali pampandowo ingowaikani patebulo, mukhale. Chitseko chisiyeni chotsegula.

Mwaswera bwanji? Mwachokera ku Chikanda wapansi ndi dzuwa limeneli? Madzi akumwa awa, yambani mwapuma kaye.

Ayi, musapepese, simunandisokoneze. Lachitatu lililonse kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko ndimakhala muno kudikira inuyo ophunzira, ndipo masiku ambiri ndimangokhala ndekha mpaka nthawi kutha. Zimandidandaulitsa, chifukwa ndimadziwa kuti m'kalasi muja, mwa anthu 120, alipo ambiri amene amatuluka asanamve koma amaopa kugogoda. Inu ndimakudziwani, mumakhala kumbuyo chakuzenera, ndipo mumalemba kwambiri.

Pepala mwapindalo ndi la mayeso aja eti? Musalibise. 38 imapweteka, ndikudziwa. Inenso ndinachokera ku sekondale yoyendera yakumudzi, ndipo chaka changa choyamba ndinkangomva Chingerezi chikudutsa pamutu. Mayeso oyamba ndinalephera, pepala ndinalibisa pansi pa matiresi, osauza munthu. Teremu yonse ndinavutika ndi zinthu zomwe wina akanandimasulira mphindi khumi zokha. Sindifuna kuti inu mudutse njira imeneyo.

Ndiye timvane. Zomwe tikambe muno sizikhudza malikisi anu. Mukhoza kulankhula Chichewa, Chingerezi, kapena kusakaniza, ine ndimva. Ngati simukudziwa n'komwe pomwe pakukuvutani, nenani choncho, tipafufuza limodzi. Ndikafotokoza inu osamva, mundiimitse, ndibwereze mwa njira ina, kaya katatu kaya kanayi.

Ndikuona mwazunguliza funso la magulu a mayina. Tandiuzani, mumati bwanji: pamsika kuli anthu, kapena pamsika pali anthu? Eya, pali. Kumsika kuli, mumsika muli. Simunaganize n'komwe. Amenewotu ndi magulu 16, 17 ndi 18 aja munawasiya osayankha. Ndipo mukamati mtengo wa mango wagwa ndi mphepo, kenako mtengo wa chimanga wakwera, liwu lanu limakwera pa mtengo woyambawo, pa wachiwiriwo ayi. Agogo anu amachita zimenezi osalakwitsa ngakhale kamodzi. Chomwe chikukusowani ndi mayina amene akatswiri anapatsa zinthu zomwe muli nazo kale pakamwa, ndipo mayina amaphunzirika.

Ngati palinso zina kunja kwa phunziroli, kaya za malo ogona, kaya za fizi, kaya zakunyumba, mundiuze mukafuna. Zina sindingazithe ndekha, koma ndikudziwa khomo loyenera kugogoda, ndipo ndikhoza kukuperekezani.

Sendezani mpandowo kuno kuti tizionera limodzi. Cholembera ichi. Tambasulani pepalalo, mundiwerengere zomwe munalemba pa funso lachitatu, pang'onopang'ono.