Mgwirizano wa Malire a Puloti ku Area 25

Ife, Bambo Chimwemwe Phiri ndi Mayi Esnart Banda, tagwirizana lero pa 14 June 2025, pamaso pa amfumu, kuti mkangano wa mpanda uthere pano.

Malire athu ndi mzere wochokera pa mtengo wa mango kukafika pa bikoni ya kumsewu. Bambo Phiri agwetsa gawo la mpanda wa njerwa lomwe linalowa mita imodzi m'puloti ya Mayi Banda pasanafike pa 30 June, ndipo achotsa okha zigumukirezo.

Mayi Banda apereka K180,000 yothandizira kumanganso mpandawo: K90,000 pa 5 July, yotsalayo pa 5 August. Ndalama iliyonse ikaperekedwa, wolandirayo asayine kumbuyo kwa pepalali.

Ngalande ya madzi a mvula, yomwe inagwetsa bafa chaka chatha, tikumba tonse pofika pa 15 October, mvula isanayambe. Mango ogwera mbali iliyonse ndi a mwini mbaliyo, ana asakalipiridwe.

Wina akaona kuti mnzake waphwanya mgwirizanowu, amuuze polemba kalata, ndipo tikumane pasanathe masiku 7. Zikakanika tibwerere kwa amfumu, ndipo kukhoti tipite pokhapokha amfumu atalephera.

Aliyense watenga kope lake.

Tasayina: Chimwemwe Phiri, Esnart Banda
Mboni: Gift Mwale