Kanema wa zitenje: macheza a pa foni pakati pa Mzuzu ndi Joni

Mwini shopu: Asuweni, mwaswera bwanji ku Joniko? Kanema ndakutumizirani uja mwamuona?

Msuweni: Ndaswera, kaya inu. Ndamuona, koma ndiseke kaye. Mphindi zinayi zathunthu, theka lake ndikungoona denga ndi chala chanu.

Mwini shopu: Musandiseke inu. Dzanja limodzi foni, linalo kutambasula chitenje, kunja mvula ili wawawa pamalata. Mzuzu mwamuiwala kodi? Paja munati kuli ka pulogalamu ka AI kokonza zimenezi. Kamatani kwenikweni?

Msuweni: Mukakapatsa kanemayo, kamadula poti munangoima duu osayankhula, n'kusiya pamene pali nkhani. Mphindi zinayizo zitha kutsala masekondi 30, oimirira bwino pa foni, oti muike pa WhatsApp kapena TikTok. Phokoso la mvula ndi mahutala a kabaza kamachepetsa, mawu anu n'kumamveka. Ngakhale mulu wa makatoni uli kumbuyo kwanuwo kangathe kuuchotsa.

Mwini shopu: Makatoniwo asiyeni. Anthu akaona mabelo ndi makatoni amadziwa kuti katundu wangofika kumene kuchokera ku Kyela ku Tanzania, sanagonere.

Msuweni: Chabwino, abwana. Kamalembanso mawu pansi pa kanema, kuti woonera ali mu minibasi, foni atatseka mawu, azingowerenga.

Mwini shopu: M'Chichewa? Nanga Chitumbuka? Makasitomala anga ambiri moni wake ndi "mwatandala uli".

Msuweni: Apo pokha ndiye kamapunthwa. Chingerezi kamamva bwino, chifukwa kanaphunzitsidwa ndi mawu ochuluka a m'Chingerezi. Zathuzi n'zochepa. Ndinayesa pa kanema wanu, pomwe munati "chitenje cha Waxi, sichisuluka" kanalemba zinthu zoti ngakhale ine sindinazimve. Mawu ndi mitengo muzilemba nokha, ndi zala zanu. Makamaka mitengo. Ziro imodzi ikasowa pa K15,000, mawa mupeza mzere kuyambira pakhomo panu mpaka ku Katoto.

Mwini shopu: Ndiye ndathawa! Koma pali kena munanditumizira usiku, kamtsikana katavala diresi ya chitenje changa chobiriwira chija, kakuyenda ngati pa ukwati. Ameneyo ndi ndani?

Msuweni: Si munthu ameneyo. AI yachita kumupanga, itaona chithunzi cha nsaluyo. Mwaona kukongola kwake?

Mwini shopu: Ndaona, koma sindimuika. Tayang'anitsitsani. Changa chili ndi timaluwa tachikasu ta masamba asanu, pakati kadontho kofiira. Cha mtsikana wanuyo maluwa asanduka ngati nthenga za nkhanga, ndipo kubiriwira kwake n'kowala ngati msipu wa mu Januwale. Pano amayi a kumpingo amabwera ndi foni m'manja, kufuna zitenje 20 zofanana za kwaya kapena za chinkhoswe. Amaika foni pambali pa nsalu n'kumafananiza, wina mpaka kutuluka nayo panja kuti aione padzuwa. Akapeza zasiyana sakangana nanu ayi. Amangoti "tibweranso," basi alowa mu msika wa Taifa, ndipo mmenemo zitenje zili mbwee.

Msuweni: Kuno anthu amachita zimenezi tsiku ndi tsiku.

Mwini shopu: Kumeneko wogula sakudziwani. Kuno wogula timakhala naye benchi imodzi Lamlungu. Kapulogalamuko kadule, kachotse phokoso, koma mtundu wa nsalu kasaukhudze.

Msuweni: Zomveka. Ndizimitsa zokometsera mitunduzo. Inu muzijambula m'mawa, chitseko chili chotsegula, kuwala kukuchokera kumbuyo kwa foni. Foniyo muziyitsamiritsa pa shelefu, musamaigwire. China, m'kanema muja mukuoneka mayi wina akuwerenga ndalama, mwana ali kumbuyo. Munawapempha?

Mwini shopu: Ii, sindinaganizeko. Ndi a ku Chibavi amenewo, amatenga pangongole. Amuna awo akaona ndiye nkhani.

Msuweni: Nkhope kamatha kuziphimba, koma kuli bwino kungowadulamo. Kumbukiraninso kuti mapulogalamu ambiri otere kanema amayamba apita ku makompyuta a eni ake, ndiye kabuku ka ngongole kaja kasamaoneke pa tebulo.

Mwini shopu: Kupita ndi kubwera konseko, bandulo yake alipira ndani?

Msuweni: Ndinadziwa kuti tifika pamenepa. Muzingonditumizira osakonza, ndizikonzera kuno pa Wi-Fi ya kuntchito. Malipiro anga ndi mpunga wa Kilombero ndi paketi ya khofi wa Mzuzu, mupatsire wa basi.

Mwini shopu: Mpunga wokha, khofi mugule nokha. Dikirani, kwalowa kasitomala. Madzulo ndijambula za buluu zija, magetsi akakhalapo.