Mawu okumbukira malemu mzamba wathu wamkulu patatha chaka chimodzi chimwalirireni

Akuluakulu oyang'anira chipatala chino, abambo a kunyumba kwa malemu pamodzi ndi ana ndi adzukulu, madokotala, anamwino ndi azamba anzanga, ophunzira athu, amayi ndi abambo nonse, ndikupatsani moni mwaulemu.

Lero pakwana chaka chathunthu kuchokera pamene anatisiya mzamba wathu wamkulu, amene tonse pachipatala pano, kuyambira wosesa mpaka dokotala, tinkangowatchula kuti Amayi. Anzanga a m'chipinda chochilira andipempha kuti ndiyankhule m'malo mwawo, ndipo ndavomera podziwa kuti ine ndine mmodzi mwa amene anaphunzira ntchitoyi m'manja mwawo. Amayi anagwira ntchito ya uzamba kwa zaka zoposa 30, ndipo zambiri mwa zakazo anazithera m'wodi yathuyi. Sindiwerenga maudindo onse amene anakhala nawo, pakuti amenewo ali m'mabuku a ku ofesi. Ndikufuna ndinene za kagwiridwe kawo ka ntchito monga tinkakaonera ife amene tinkachezera nawo usiku.

Chinthu chimene Amayi sankalekerera ndi bodza la papepala. Amene si azamba mwina sadziwa kuti mayi akayamba kumva kuwawa kwa kuchira, timakhala ndi tchati chimene timalembapo mmene zinthu zikuyendera: timamvetsera mtima wa mwana theka la ola lililonse, timayeza kuthamanga kwa magazi a mayi maola anayi alionse, ndipo timalemba mmene njira ikutsegukira. Usiku umene odwala achuluka, yesero limakhalapo loti munthu adzaze mipata yonse nthawi imodzi m'mawa, kuti tchati chioneke chokongola pa nthawi yopereka lipoti. Amayi ankazindikira zimenezi pongoyang'ana kamodzi. Ankanyamula tchaticho, kuchiyandikiza kumaso magalasi ali pamphuno, n'kufunsa modekha kuti, “Mwana wanga, mtima wa khandali unagunda chimodzimodzi usiku wonse, osasintha ndi pang'ono pomwe?” Munthu akangoti kakasi, iwo ankati mpata wopanda kanthu ndi wabwino kuposa nambala yopeka, chifukwa mpata umachenjeza amene akulandira ntchito kuti apite akaone, pamene nambala yabodza imamugonetsa tulo. Ndinawamva akunena mawu amenewa kwa ophunzira, ndipo ndinawamvanso akuwanena kwa dokotala amene ankawaposa udindo, mawu ake omwewo, osachotsapo kapena kuwonjezerapo ulemu wapadera.

Chachiwiri chinali nthawi. Amayi ankavala kawotchi kakale kopachika pachifuwa, kamene galasi lake linali long'aluka pakona, ndipo anakana kangapo konse pamene tinkafuna kuwagulira katsopano. Mwana akangobadwa, diso lawo linkapita pa kawotchiko. Ankafuna kuti jakisoni wa okisitosini aperekedwe kwa mayi mphindi imodzi isanathe, kuti chiberekero chikhwime ndi kuteteza kutaya magazi, ndipo ankafuna kuti khanda limene silinalire lipukutidwe, lisisitidwe kumsana, ndipo ngati silikupumabe lithandizidwe kupuma mphindi yoyambayo isanadutse. Pachifukwa chimenechi, asanalandire shifiti ankayamba ayendera thireyi ya zadzidzidzi, kufinya okha kachikwama kothandizira kupuma kuti amve ngati mpweya ukutuluka bwino, ndi kuwerenga masiku olembedwa pa mabotolo a mankhwala. Ena tinkaona ngati akutichedwetsa kuweruka. Tinasiya kudandaula usiku wina pamene mayi amene anachira bwinobwino anayamba kutaya magazi patapita pafupifupi ola, aliyense ataganiza kale kuti zoopsa zapita. Amayi anali atabwerera pa bedi lakelo kukagwira mimba, monga ankachitira mphindi 15 zilizonse m'maola awiri oyamba, ndipo anapeza chiberekero chafewa. Sanakuwe, sanathamange. Dzanja limodzi likusisita mimba, anatigawira ntchito mmodzimmodzi potchula dzina: uyu diripi, uyu mankhwala, uyu kaitane dokotala, uyu lemba nthawi. Chilichonse chimene anapempha chinapezeka pamalo pake chifukwa anali atachiona okha madzulo omwewo. Mayi uja anatuluka m'chipatala akuyenda yekha, mwana ali m'manja.

Ndikanama nditanena kuti kugwira ntchito ndi Amayi kunali kophweka, ndipo iwo eni sakanandilola kunama pamwambo wawo. Anali ndi lilime lakuthwa, misonkhano yaitali inkawatopetsa, ndipo pali ophunzira amene analirapo m'chipinda chosinthira zovala atadzudzulidwa. Komabe pali malamulo awiri amene sanawaswepo. Sankadzudzula wantchito pamaso pa wodwala. Ankadikira mpaka mutatuluka, n'kukuitanirani pambali. Ndiponso nkhani ikatha inali yatha, moti amene anakukalipirani m'mawa ndi omwewo amene masana ankakugwirani dzanja kukusonyezani kasokedwe kabwino ka bala, mobwerezabwereza, mpaka mutakhoza. Kumutu kwa bedi kunalibe mzamba wofatsa kuwaposa. Sankalola kuti mayi amene ali m'matenda anyozedwe kapena kukalipiridwa chifukwa chakuti akulira, ndipo atsikana achichepere amene ankabwera ali ndi mantha ndi manyazi ankawatenga okha, kukoka katani, ndi kuwafotokozera chilichonse asanawakhudze.

Pali mbali ina ya ntchito yathu imene sitikonda kuinena pagulu. Si mwana aliyense amene amabadwa wamoyo, ndipo si mayi aliyense amene timatha kumupulumutsa. Pa masiku otero Amayi sankatuma wina kukauza achibale. Ankapita okha, kukhala nawo pansi, ndi kunena zimene zachitika m'mawu omveka, osabisala kumbuyo kwa mawu ovuta a zachipatala. Pamsonkhano wounika imfayo ankayamba kutchula zimene iwo eni akanachita mosiyana asanafunse wina aliyense, ndipo zimenezi zinkatimasula enafe kunena zoona popanda kuopa.

Matenda atawagwira, anapitirizabe kubwera kwa miyezi ingapo, ngakhale kuti kuima nthawi yaitali kunali kutayamba kuwavuta. Tinawaikira mpando pafupi ndi tebulo la malipoti, ndipo ali pampandopo anamaliza kulemba kabuku ka malangizo a ophunzira atsopano, kamene tikugwiritsabe ntchito mpaka pano. M'chaka chimene chapitachi wodi yathu yalandira azamba atsopano amene sanawaonepo Amayi, koma amayendera thireyi asanalandire shifiti ndipo amasiya mpata pa tchati akalephera kuyeza, osadziwa n'komwe kuti anayambitsa mwambowo ndani. Ndapempha akuluakulu kuti kabuku kaja kasindikizidwe bwino ndipo dzina lawo lilembedwe pachikuto, ndipo ndine wokondwa kukudziwitsani kuti pempholi lavomerezedwa.

Kwa inu abambo, ndi kwa inu ana, ndikudziwa kuti usiku wambiri umene ife tinali ndi Amayi, inu munagona opanda iwo, ndipo masiku ambiri a chisangalalo chapabanja anadutsa iwo ali pantchito. Ankakutchulani kawirikawiri, makamaka m'maola a m'bandakucha ntchito ikachepa, ndipo chithunzi cha mdzukulu wawo woyamba chinakhala m'thumba la yunifolomu yawo mpaka chinafwifwa. M'malo mwa onse ogwira ntchito m'wodi ya amayi, ndikukuthokozani chifukwa chotilola kukhala nawo nthawi imene inali yanu. Buku loyamba likatuluka tidzabwera nalo kunyumba kudzalipereka m'manja mwanu.

Mzimu wa Amayi uuse mumtendere. Zikomo kwambiri pondimvetsera.