Anzanga atolankhani, nkhani ikalipiridwa tinene

Mangochi ndi boma la misonkhano. Kuyambira ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay, sabata siitha popanda bungwe, unduna kapena kampani ina yosonkhanitsa anthu m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, ndipo pamsonkhano uliwonse pamakhala mipando ya atolankhani. Amatumiziridwa galimoto, amadya nawo nkhomaliro, pomaliza amasainira chipondamthengo. Mawa lake nkhani imamveka pa wailesi kapena kuoneka pa Facebook, yolembedwa bwino, mawu a bwana wamkulu atakhala pamwamba. Palibe pamene pamalembedwa kuti ulendo wonsewo analipira ndi mwini nkhani yemweyo. Ine ndikuti zimenezi zithe. Nkhani iliyonse imene munthu wina waikapo ndalama, kaya wagula malo mu nyuzipepala, kaya wagula nthawi pa wailesi, kaya wangolipira mafuta ndi malo ogona a mtolankhani, owerenga ndi omvera aziuzidwa, ndipo aziuzidwa poyambirira.

Sindikunyoza ndalamazo. Amene wagwirapo ntchito pa wailesi ya m'dera amadziwa mmene zinthu zimakhalira. Achinyamata ambiri amene timawamva akuwerenga nkhani ndi ongodzipereka, ndipo mwezi ukatha sadziwa ngati alandira kanthu. Magetsi akazima, jenereta imafuna mafuta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chinakwera mtengo, kuyambira pepala mpaka mayunitsi a foni. Kuchoka pa boma kukafika kwa Makanjira ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo mtolankhani wopanda galimoto akamva kuti bungwe lina likupita kumeneko ndipo mpando ulipo, sangakane. Akakana, anthu a kwa Makanjira sadzamveka n'komwe. Choncho thandizo lilandiridwe pamene malamulo a nyumba youlutsira mawuyo akulola. Chimene ndikukana ndi kubisa kuti thandizolo linalipo.

Tiyerekeze nkhani ya mtundu umene tonse tinaumvapo. Bungwe lakumba mijigo m'midzi ya cha ku Namwera ndipo latenga atolankhani kukaona. Galimoto yaima pa mjigo umene bungwe lasankha. Amfumu anauzidwa kale dzulo lake, amayi avala zitenje za bungwe, nyimbo zakonzedwa. Mayi amene akulankhula ndi atolankhani ndi wapampando wa komiti ya mjigo, ndipo amene akumasulira Chiyao chake ndi wogwira ntchito m'bungwe lomwelo. Mtolankhani walemba zonse zimene waona ndi kumva, sananame pena paliponse. Komabe mudzi woyandikana nawo, kumene mjigo unafa patangotha miyezi yochepa ndipo amayi anabwerera kukatunga kumtsinje, galimoto sinapiteko, chifukwa mwini galimoto ndiye amasankha msewu. Womvera amene ali ku Chimwala akamva nkhaniyi amaganiza kuti mtolankhani anayenda yekha, anafunsa amene anawafuna, n'kupeza kuti zonse zili bwino. Akanauzidwa kuti ulendowu unakonzedwa ndi kulipiridwa ndi bungwe lomwe likutamandidwalo, akanamva nkhani yomweyo, koma akanadzisiyira mpata wofunsa kuti, nanga kwina?

Anzanga ena amati, "Ndalama analipiradi, koma sanandiuze cholemba." Ndimawakhulupirira. Ambiri olipira salamula chilichonse, ndipo safunikanso kutero. Munthu amene wakudyetsa, wakugoneka m'chipinda choyang'ana kunyanja, wakupatsa ya thiransipoti, umachita naye manyazi kumufunsa funso lopweteka. Ndi mmene tinaleredwera, ndipo si khalidwe loipa. Palinso kuganizira za mawa: ukalemba zomukhumudwitsa, ulendo wotsatira dzina lako silikhalapo pa mndandanda. Zonsezi zimachitika mumtima, mwakachetechete, moti mwini wake sangathe kuyeza bwino kuti zamukoka motani. Woyenera kuyeza ndi wowerenga, ndipo sangayeze chinthu chimene sanauzidwe.

Pa depoti ya Mangochi, woitanira minibasi akakuuzani kuti watsala munthu mmodzi kuti galimoto inyamuke, simukwiya naye. Mukudziwa amene akumugwirira ntchito, ndiye mumasuzumira m'galimoto kuwerenga nokha mipando. Mawu omwewo atachokera kwa munthu amene mumamuyesa wokwera mnzanu, mukhoza kulowa osayang'ana. Mtolankhani amalankhula ngati wokwera mnzathu, ndipo n'chifukwa chake makampani ndi andale amakonda kuti uthenga wawo utuluke ngati nkhani m'malo mwa malonda. Chimene akugula ndi chikhulupiriro chimene omvera anapatsa wailesiyo, chimene si cha mtolankhani yekha kuti azichigulitsa mobisa.

Nthawi zina kubisaku kumafika pa moyo weniweni wa munthu. Boma lino linavutika kwambiri ndi kolera wa mu 2022 ndi 2023, ndipo nthawi imeneyo uthenga wa pa wailesi unali kusiyanitsa amene athamangira kuchipatala ndi amene akhala pakhomo. Tsono ganizirani pulogalamu imene muulutsi wodziwika akucheza ndi wogulitsa mankhwala azitsamba, akumufunsa mwaulemu za botolo lochiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda ena ambirimbiri, anthu n'kumaimba foni kuchitira umboni. Nthawi yonseyo inagulidwa ndi wogulitsayo, koma palibe amene wanena. Agogo amene akumvera ku Malindi amakhulupirira chifukwa mawu a muulutsiyo ndi omwe aja amawauza za maliro, za katemera ndi za nyengo. Akasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha pulogalamu imeneyi, wailesi singanene kuti sizikuikhudza. N'chimodzimodzi ndi nkhani zotamanda obwereketsa ndalama, zoonetsa mayi amene bizinesi yake ya usipa yakula, osatchulapo chiwongoladzanja kapena katundu amene amalandidwa ngongole ikakanika.

Mangochi alinso ndi nkhani zimene mbali zake zimalimbana kwenikweni, ndipo mbali imodzi ndiyo imakhala ndi ndalama. Pali eni malo ogona alendo ndi asodzi amene akusowa njira yofikira padoko. Pali ofuna kukumba mchenga wa miyala ya mtengo wapatali kwa Makanjira ndi alimi amene minda yawo ili pomwepo. Pali zitukuko zoyandikana ndi paki ya Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Nyanja itasefukira mu 2024 n'kulowa m'mahotela ndi m'nyumba za anthu, funso loti ndani analola kumanga pafupi chotero ndi madzi linali loyenera kufunsidwa mwamphamvu. Msodzi wa ku Makawa sangalipirire mtolankhani chipinda. Ngati nkhani yolipiridwa ndi mbali yolemera ituluka itavala ngati nkhani wamba, ndiye kuti msodziyo waluza mlandu pabwalo limene samadziwa kuti mnzake analigula.

Za andale sindichulutsa. Phungu kapena wofuna mpando akanyamula atolankhani kukaona mlatho umene wamangitsa, zinenedwe. Khonsolo kapena unduna ukachita chimodzimodzi, zinenedwenso, chifukwa boma nalo limafuna kutamandidwa. Ambiri tikukumbukira za mu 2014, pamene atolankhani oitanidwa ku Sanjika anapatsidwa maenvelopu a K50,000 aliyense, ndipo nkhaniyo itatuluka poyera panabuka mkangano waukulu pakati pa atolankhani eni ake. Mkanganowo unatheka chifukwa zinadziwika. Maenvelopu ang'onoang'ono a m'maboma muno, amene sadziwika, palibe amene amawakambirana.

Chodandaula chachikulu chimene ndimamva kwa oyendetsa mawailesi n'choti olipira adzathawa. Ena adzathawadi. Koma taganizani za wolipira amene akuti ndalama apereka pokhapokha omvera asadziwe kuti ndi iye. Wanena yekha kuti chimene akufuna n'choti anthu asocheretsedwe. Mabungwe ambiri a chilungamo alibe vuto ndi kutchulidwa, amachita kukondwera, ndipo mapulogalamu a zaumoyo ndi a zaulimi amene amayamba ndi mawu oti "pulogalamuyi ikukufikirani ndi thandizo lochokera ku bungwe lakutilakuti" anthu amawamvera ndithu. Vuto la kuthawa likhozanso kuchepa mawailesi ndi atolankhani a m'boma lino atagwirizana chimodzi, kuti wokana kutchulidwa asakapeze khomo lina lotsegula. Media Council of Malawi ndi MISA Malawi ali ndi mwayi wolimbikitsa zimenezi m'maphunziro amene amachititsa, ndipo MACRA, imene imapereka ziphaso kwa mawailesi, ili ndi chifukwa chokwanira chofunsira kuti malonda azisiyana ndi nkhani.

Palinso mfundo imene imandikhudza kwambiri ngati mtolankhani. Tinamenyera nkhondo zaka zambiri lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma, mpaka linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa atolankhani. Timaima pamaso pa DC kufunsa kuti ndalama za chitukuko zinachokera kuti, zinapita kuti, kontirakitala anasankhidwa bwanji. Tili ndi ufulu wonse wofunsa choncho. Koma tsiku lina mkulu wa khonsolo adzatibwezera funso, kuti nanga inu nkhani ija munalemba sabata yatha analipira ndani, ndipo tiyenera kukhala ndi yankho limene tinalinena kale poyera.

Kuulula kwake kukhale koti munthu wamba akumve. Kachilembo kachingerezi kobisika pangodya ya tsamba sikakwanira, chifukwa amene akuwerenga mothamanga sakaona, ndipo ambiri sadziwa tanthauzo lake. Pa nkhani yolembedwa, chiganizo chikhale pansi penipeni pa mutu: "Nkhaniyi yalipiridwa ndi kampani imene yatchulidwamo," kapena, "Ulendo wa mtolankhani wathu analipira ndi bungwe limene likuyendetsa ntchitoyi." Pa wailesi zinenedwe poyamba, pakati ndi pomaliza, chifukwa anthu amatsegula wailesi pulogalamu ili mkati, ndipo ngati pulogalamuyo ndi ya Chiyao, zinenedwe m'Chiyao. Pa Facebook ndi pa WhatsApp mawuwo alembedwe pachithunzi penipeni, poti anthu akamatumizirana nkhani amangojambula pamwamba, zapansi n'kutsala. Dzina la wolipira litchulidwe lonse, osati kungoti "abwenzi athu". Ndipo mkonzi aliyense, mtolankhani akabwera ndi nkhani kuchokera kunyanja, asanaiwerenge amufunse kuti anapita bwanji, anagona kuti, analandira chiyani, kenako yankholo alilembe pansi pa mutu wa nkhaniyo.