Kalata Yopempha Masiku Owonjezera Operekera Asayimenti

Ndirande,
Blantyre.

11 Malichi 2025

Olemekezeka a Dokotala Phiri,

PEMPHO LOTI MUNDIWONJEZERE SABATA IMODZI PA ASAYIMENTI YA KUKONZANSO MOYO WA AMONKE

Ndine Chikondi Mbewe, wa chaka chachiwiri m'kalasi lanu la mbiri ya ku Ulaya. Ndikupempha kuti asayimenti imene munati tipereke Lachisanu pa 14 Malichi mundilole ndidzapereke Lachisanu linalo, pa 21 Malichi.

Amalume anga anatisiya pa 2 Malichi. Iwowa ndi amene anandilera komanso amandilipirira fizi, ndipo poti m'banja mwathu wamkulu ndine, zambiri zoyendetsa maliro zinagwera ine: kunyamula thupi kuchoka m'tauni muno kupita kumudzi ku Mulanje, ndi kukhala nawo pa zokambirana za abale titaika. Ndabwerako Lamlungu. Kumudziko kulibe magetsi, ndipo mabuku amene ndikugwiritsa ntchito ndi aja osaloledwa kutuluka m'laibulale. Kalata ya amfumu yotsimikizira za malirowa ndili nayo, ndingabwere nayo ku ofesi kwanu.

Ntchitoyi sindinaigonere. Gawo loyamba ndinamaliza malirowa asanachitike. Ndinayambira pa misonkhano ya ku Aachen ya mu 816 ndi 817, pomwe Benedikito wa ku Aniane, mothandizidwa ndi mfumu Louis, anafuna kuti nyumba zonse za amonke zitsate malamulo a Benedikito Woyera. Kenako ndinafika pa nyumba ya amonke ya Cluny, imene William wa ku Aquitaine anakhazikitsa mu 910. Chimene ndakhalitsapo ndi chikalata chokhazikitsira nyumbayo: amonke azisankha okha mkulu wawo, ndipo munthu wina aliyense, ngakhale William mwini wake, asalowerere pa chuma chawo. Nthawi imeneyo eni malo ambiri ankaona nyumba za amonke ngati munda wa banja, n'kumaikapo abale awo kuti azidya zokolola. Choncho ku Cluny kukonzanso kunayambira pa funso loti mwini nyumba ndani.

Chatsala ndi gawo la Cîteaux, ndipo ndi limene likufuna nthawi. Robert wa ku Molesme ndi anzake atapita kumeneko mu 1098, anafupikitsa mapemphero aatali aja amene Cluny inkadziwika nawo, anabwerera ku ntchito ya manja, navala ubweya wosanyika mu utoto. N'kosavuta kulemba kuti Cluny inali itavunda ndipo a Cîteaux anabwera kudzakonza. Koma amene akutiuza za kuvundako ndani? Makamaka ndi Bernard wa ku Clairvaux, mmonke wa gulu la Cîteaux, cha m'ma 1125, pomwe ankanyoza mazira ophikidwa mwa mitundumitundu ndi zosema za anyani ndi mikango m'makonde a amonke. Bernard anali katswiri pa kulemba (ndinaseka ndekha m'laibulale powerenga za mazirazo), koma anali mbali imodzi ya mkangano. Kumva iye yekha kuli ngati kuweruza mlandu wa malire a munda mutamva mwini dandaulo basi.

Mbali inayo ndi ya Peter, mkulu wa amonke a ku Cluny kuyambira 1122 mpaka 1156. Iye anayankha kuti chikondi chimalola mkulu kufewetsa lamulo poona kufooka kwa anthu ake, ndipo m'zaka za m'ma 1140 anakhwimitsa yekha malamulo ena a nyumba yake. Mfundo yanga ndi yoti aliyense wokonzanso amafunika kuonetsa kuti am'mbuyo anasochera, ndiye mawu ake sangakhale umboni wokwanira wa mmene zinthu zinalili. Kuti mfundoyi iime, ndiyenera kuwerenga kalata ya Peter modekha ndi kuiika pambali pa ya Bernard. Nditati ndithamangire Lachisanu lino, ndingakupatseni mbali ya Bernard yokha, zomwe ndi zimene munatichenjeza m'kalasi.

Ndikudziwa kuti muli ndi mapepala ambiri ochonga ndipo malikisi ali ndi tsiku lake lokaperekera. Ngati sabata yathunthu ingakusokonezeni, ngakhale mpaka Lachiwiri pa 18 Malichi ndingayesetse. Masamba anayi amene ndalemba kale ndawaphatikiza ku kalatayi kuti muone pomwe ndafika. Ngati malamulo a dipatimenti akufuna kuti ndidzaze fomu kapena ndikaonane ndi akulu a dipatimenti, chonde ndiuzeni ndichite zimenezo mawa lomwe.

Zikomo kwambiri chifukwa chondimvetsera.

Ine wophunzira wanu,
Chikondi Mbewe