Ndemanga pa ndakatulo ya "Kiyi"

Funso: Werengani ndakatulo ili m'munsiyi ndipo mufotokoze momwe mawu amene mlakatuli wasankha akutithandizira kumvetsa tanthauzo lake. Nthawi: mphindi 45.

Kiyi

Ndakusiyira kiyi pansi pa mwala,
pomwe paja, usagogode.
Nyali ndazimitsa, mafuta akudula,
koma zenera sindinatsekeretu.
Anzako amafunsa. Ndimati uli bwino.
Pabedi pako ndaikapo matumba,
sindikudikira ayi, ndazolowera.
Mwala uja wamera ndere.
Dzulo ndinaupukuta.

Yankho

Kungoiona koyamba ndakatuloyi ikukhala ngati kakalata kosiyira munthu pakhomo, mizere 9 basi, sitanza imodzi, palibe kufanana kwa mamvekedwe kumapeto kwa mizere, ndipo mawu ake ndi a m'nyumba okhaokha: kiyi, nyali, zenera, bedi, matumba. Mawu oti chikondi, kusowa kapena chisoni mulibemo ngakhale amodzi. Ine ndikuona kuti nkhani yonse yagona pamenepo, woyankhulayu pakamwa akunena zina koma manja ake akuchita zina.

Tiyambe ndi "ndakusiyira". Mneniyu wasiyana pang'ono chabe ndi "ndakusiya", kungochotsa ka -ir- kaja ndiye kuti wamutaya munthuyo, koma kali pomwepo ndiye kusiyako kwasanduka kumusungira. Komanso akumutchula ndi -ku- wopanda -ni waulemu, "anzako", "pako", kusonyeza kuti ndi wamng'ono kwa iye kapena wapamtima kwambiri, ndipo poti pali bedi lake lake ndi anzake ofunsa, ine ndikumva kholo likuyankhula ndi mwana. "Pomwe paja" ndi "mwala uja" ndi mawu oloza chinthu chimene awiriwa amachidziwa okha, ife owerenga sitikuuzidwa mwalawo uli pati, tikungomvera nkhani ya eni ake. "Usagogode" ndi lamulo inde, koma lofewa, wogogoda ndi mlendo ndiye akumuuza kuti pano mpaka lero ndi kwanu, mwinanso akumupeputsira manyazi oti asachite kuima pakhomo n'kumafotokoza komwe anali.

Mzere wachitatu ndi wachinayi akukokana. Kuzimitsa nyali kukuoneka ngati kugwa ulesi, ndipo chifukwa chimene wapereka, "mafuta akudula", ndi chongozembera, chonena munthu amene sakufuna umuone misozi. Kenako "koma" akubweza zonse, ndipo sanati zenera ndatsegula, wati "sindinatsekeretu", kuvomera kobisala m'kukana.

Pakati pa mzere wachisanu pali mpumiro wathunthu, m'mizere ina yonse mulibe zotere, ndiye kampata kameneko kakumveka ngati kumeza malovu asanayankhe. "Amafunsa" ndi "ndimati" zili m'nthawi ya kawirikawiri, zachitika kambirimbiri, pomwe aneni a kumtunda aja, ndakusiyira, ndazimitsa, akumveka ngati za usiku uno womwe. Apa mpamene tikuyamba kukayika kuti si usiku umodzi ayi. Ndipo onani sanati uli bwino basi, wati "ndimati uli bwino", akutiuza zimene amanena osati zimene akudziwa.

Mzere wa "sindikudikira ayi, ndazolowera" ndi wokhawo umene akunena za mumtima poyera ndipo ndi womwewonso sitingaukhulupirire. Sindi- anakana kale, "ayi" wabweranso kudzatani? Munthu akakana kawiri asanafunsidwe n'komwe ndiye kuti akudziuza yekha. Matumba pabedi nawonso ndi umboni wofooka, thumba ndi chinthu chongonyamula mphindi imodzi bedi n'kubwerera mwakale, sanaligulitse, sanalipatse wina.

Mizere iwiri yomaliza ndi imene ikuulula. Ndere sizimera pa sabata imodzi, zimafuna nyengo ndi mwala umene sukusunthidwa, ndiye osatchula chaka kapena mwezi mlakatuli watiuza kuti papita nthawi yaitali ndipo kiyi uja palibe anamutenga. Kenako mawu awiri okha, "Dzulo ndinaupukuta", mzere waufupi kuposa yonse, ndipo ukugwetsa "ndazolowera" uja. Kupukutako kungakhale kuti mwanayo akabwera auzindikire mwalawo, kungakhalenso kufufuta umboni wa zaka zimene zadutsa kuti iye mwini asamauone. Ndikuona kuti zonse ziwiri zikugwira, koma yachiwiriyi ndi imene ikugwirizana ndi "ndimati uli bwino", ndi munthu yemweyo wokonza pamwamba kuti zinthu zizioneka ngati sizinasinthe.

Wina atha kunena kuti mwanayu anamwalira ndipo kholo likukana kuvomereza. Ndere zikulola maganizo amenewo, koma anzake sakanamafunsa za munthu amene maliro ake analira nawo, ndiye ine ndikutsamira koti anangochoka n'kudula kulankhulana. Ndakatuloyi choncho ikukamba za kudikira kumene kwasanduka ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo mwini wake akuchita nako manyazi moti sangakutchule dzina ngakhale kwa munthu amene akumudikirayo.